Lachinayi ndili ndi intavyu: indekisi imachedwetsa bwanji kulemba?

Chisomo: Moni nonse pagulu pano. Lachinayi likubwerali ndili ndi intavyu ya ntchito ya bakiendi, ndipo mnzanga amene anadutsako chaka chatha wandinong'oneza kuti amakonda kufunsa za maindekisi. Zoti indekisi imafulumizitsa kusaka ndikuzimvetsa. Chomwe chandiimika mutu ndi funso lotsatira, loti indekisi yomweyo imachedwetsa bwanji kulemba. Yankho langa ndi lakuti "nayonso imafunika kusinthidwa", basi, ndathera pomwepo. Akangoti imasinthidwa bwanji, ine kakasi. Kumeneko amagwiritsa ntchito PostgreSQL. Chonde ndithandizeni.

Thokozani: Aise, zimenezo n'zosavuta. Indekisi ndi mndandanda wosanjidwa bwino. Ukalowetsa mzere watsopano, databesi imayenera kusanjanso mndandanda wonse kuti ukhalebe m'dongosolo. Tebulo likamakula, kusanjako kumatenganso nthawi yaitali. Ukanena choncho wakhoza.

Madalitso: A Thokozani, poyambira mwayamba bwino, koma poti "kusanjanso mndandanda wonse" pamenepo Chisomo akamugwira. Zikanakhala choncho, tebulo la mizere 10 miliyoni silikanalandira ngakhale `INSERT` imodzi pa sekondi. Sisanjanso zonse. Imafufuza malo amodzi oyenera n'kulowetsapo.

Chisomo, taganiza za mayi wa pa okala amene amakongoza anthu. Ali ndi buku limene amalembamo ngongole motsatana, aliyense akabwera amangolemba pamzere wotsatira. Kulemba m'buku limenelo sikuchedwa. Koma a Mwale akabwera kudzafunsa kuti ngongole yanga yafika pati, mayi aja avundukula buku lonse kuyambira poyamba. Ndiye agula buku lachiwiri, alisanja potsata maina, ndipo pa dzina lililonse amalemba manambala a mapeji a buku loyamba lija. Kupeza a Mwale tsopano n'kosavuta. Koma kuyambira tsiku limenelo, munthu akatenga shuga pangongole mayi aja alemba kawiri: m'buku la ngongole, kenako atsegule buku la maina, afufuze pa M, alembenso. Akawonjezera buku lachitatu losanja potsata midzi, alemba katatu. Tebulo ndi buku loyamba lija, indekisi iliyonse ndi buku lowonjezera.

Chisomo: Chitsanzocho chalowa, achimwene. Koma ndiye kufufuza pa M kuja m'databesi kumatenga nthawi yaitali bwanji?

Madalitso: Kufufuzako n'kwapafupi kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo ukadziwa chifukwa chake, ukaoneka kuti nkhaniyi waigwira. Ukalemba `CREATE INDEX` osatchula mtundu, PostgreSQL imamanga `btree`. Chilichonse mmenemo chimasungidwa m'mapeji a makilobaiti 8. Tiyerekeze kuti indekisi ili pa kolamu ya `bigint`. Cholowa chimodzi chimadya mabaiti pafupifupi 20 tikawerengera ndi timitu take, ndiye peji limodzi limanyamula zolowa pafupifupi 400. Peji la pamwamba limaloza mapeji 400, lililonse mwa amenewo limalozanso ena 400, ndipo a pansi penipeni ndi amene amaloza mizere ya m'tebulo. Chulukitsa 400 katatu, upeza 64 miliyoni. Kutanthauza kuti pa tebulo la mizere mamiliyoni makumi angapo, databesi imatsika masitepe atatu kapena anayi okha n'kufika pamalo. Mapeji a pamwambawo nthawi zambiri amakhala ali kale m'memole chifukwa aliyense amadutsa pomwepo.

Choncho mtengo wa kulemba suli kwenikweni pa kutsikako. Uli pa zimene zimachitika ukafika pansi. Peji la pansi lija liyenera kukhala m'memole, ndipo ngati mulibe, liwerengedwe kaye kudisiki. Likasinthidwa, kusinthako kulembedwe mu WAL, chikalata chija chimene databesi imadalira magetsi akathima mwadzidzidzi. Ndipo nthawi ina peji lenilenilo lidzayenera kubwerera kudisiki. Zonsezi zimachitika pa indekisi iliyonse payokha.

Thokozani: Chabwino, zosanjanso zonse zija ndabweza. Ndiye tingoti tebulo la maindekisi asanu limachedwa kasanu ndi kamodzi kuyerekeza ndi lopanda indekisi? Kamodzi ka tebulo, kasanu ka maindekisi.

Madalitso: Malo osinthidwa ndi asanu ndi amodzi, pamenepo mwalondola. Koma nthawi siyenda mwa masamu amenewo. Pa `COMMIT` databesi sidikira kuti mapeji onse asanu ndi amodzi afike padisiki. Imasintha mapejiwo m'memole, n'kudikira WAL yokha, ndipo kudikira kumeneko ndi kumodzi kaya maindekisi alipo awiri kaya khumi. Kwa pulogalamu yolowetsa mzere umodzi umodzi pa tebulo laling'ono, mwina simungaone n'komwe kusiyana. Zimayamba kuwawa mukamalowetsa mizere yambiri nthawi imodzi, kapena maindekisi akakula kuposa memole. Chisomo, usakatchule nambala ngati "kasanu". Ukanene kuti ntchito imakula ndi kuchuluka kwa maindekisi, koma kuchedwa kwenikweni kumadalira ngati mapeji okhudzidwawo ali m'memole.

Limbani: Ine zinandichitikirapo zimenezi. Ndinayendetsa `CREATE INDEX` masana dzuwa likuswa mtengo, pa tebulo lalikulu la malipiro, anthu akugwiritsa ntchito pulogalamu. Zonse zinangoti zii. Palibe amene ankatha kulipira mpaka indekisi itatha kumangidwa, ndipo mafoni sanasiye kulira. Ndiye ukawauze kuti indekisi imatseka tebulo.

Tiyamike: Pepani a Limbani, tsiku limenelo linali lowawa ndithu, koma imeneyo ndi nkhani ina. Inu mukunena za nthawi yomanga indekisi. `CREATE INDEX` wamba amaletsa `INSERT`, `UPDATE` ndi `DELETE` pa tebulo mpaka atamaliza, ngakhale kuwerenga kumapitirira. Mankhwala ake ndi `CREATE INDEX CONCURRENTLY`, amene amatenga nthawi yaitali koma satsekereza olemba. Zimenezo zimachitika kamodzi n'kutha. Funso la Chisomo ndi la mtengo umene umalipira tsiku ndi tsiku indekisi itamangidwa kale.

Limbani: Oho, ndinamva molakwika. Komabe Chisomo akasunge `CONCURRENTLY` m'thumba, akhoza kumufunsa momwe angawonjezerere indekisi pa databesi yomwe ikugwira ntchito.

Tiyamike: Zoona, akasunge. Akumbukirenso kuti siyenda mkati mwa tiranzakishoni, ndipo ikalephera panjira imasiya indekisi yolembedwa `INVALID`. Imeneyo sithandiza kusaka, koma imatha kumalandirabe zosintha, ndiye uyenera kuichotsa wekha.

Chisomo: Ndalemba. Achimwene a Madalitso, nanga peji la pansi lija likakhala lodzaza?

Madalitso: Tibwerere kwa mayi aja. Peji la M ladzaza, poti a Mwale, a Mbewe, a Moyo ndi a Mvula onse ali pomwepo, ndiye kwabwera a Msiska. Mayi atenga peji latsopano, asamutsirepo theka la maina, kenako akonze kutsogolo kwa buku kuti M tsopano ali pa mapeji awiri. `btree` imachita chimodzimodzi: imagawa pejilo pawiri, n'kuwonjezera cholozera m'peji la pamwamba pake. La pamwambalo likakhalanso lodzaza, nalonso ligawika, ndipo mwa apo ndi apo kugawikako kumakwera mpaka pamwamba penipeni. `INSERT` imene yakumana ndi zimenezi imalemba mapeji angapo m'malo mwa limodzi. Sizichitika kawirikawiri, chifukwa peji likagawika pamatsala malo a zolowa zambiri, koma zimasiya mapeji osadzaza ndipo indekisi imafufuma.

Tiyamike: Apa ndi pomwe nkhani ya makiyi imalowera, ndipo ine ndimaiona ngati yofunika kwambiri kuposa kugawikako. Kiyi ikakhala nambala yokwera motsatana, 1001, 1002, 1003, zolowa zonse zatsopano zimapita peji limodzi, la kumapeto kudzanja lamanja. Peji limenelo silichoka m'memole chifukwa likugwiritsidwa ntchito mphindi iliyonse. Likadzaza, lina litsegulidwa pambali pake, ulendo upitirira. Tsopano ikani UUID ya mtundu wachinayi, imene `gen_random_uuid()` imatulutsa. Ilibe dongosolo lililonse. Mzere uwu ugwera peji la kumayambiriro, wotsatira pakati, wina kumapeto. Indekisi ikadali yaing'ono palibe vuto, yonse ili m'memole. Ikakula kupitirira memole, pafupifupi `INSERT` iliyonse imayamba yadikira disiki kuti ibweretse peji lake. N'chifukwa chake pulogalamu imayenda bwino miyezi yoyambirira, kenako n'kuyamba kukwawa popanda aliyense kusintha kodi.

Madalitso: Ndiwonjezere pa mawu a achemwali. Mu PostgreSQL, peji likasinthidwa koyamba pambuyo pa `CHECKPOINT`, nthawi ija databesi imabwezera kudisiki mapeji onse osinthidwa, chithunzi cha peji lonse chimalowa mu WAL, osati kasinthidwe kakang'ono kokha. Amatero poteteza ku peji lolembedwa theka magetsi atathima. Ngati simunasinthe `checkpoint_timeout`, zimenezi zimayambiranso mphindi zisanu zilizonse. Kiyi yotsatana imakhudza mapeji ochepa, ndiye zithunzi zimakhalanso zochepa. Kiyi yamwazimwazi imakhudza peji latsopano pafupifupi ulendo uliwonse, moti cholowa cha mabaiti makumi ochepa chimatha kukoka makilobaiti angapo a WAL. Pofuna kuthana ndi vuto lomweli kunabwera UUID ya mtundu wachisanu ndi chiwiri, imene imayamba ndi nthawi kotero imayenda motsatana. Inakhazikitsidwa mu RFC 9562 mu 2024, ndipo PostgreSQL 18 ili ndi `uuidv7()` yakeyake.

Mphatso: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndikuona kuti nonse mwakhazikika pa `INSERT`. Ine chimene chinandiluma ndi `UPDATE`, ndipo mwina nkhani yanga ingamuthandize Chisomo.

Kumene ndinkagwira ntchito kale tinali ndi tebulo la katundu amene ali paulendo, `deliveries`. Foni ya dalaivala inkatumiza malo amene wafika pafupipafupi, ndiye mzere uliwonse unkasinthidwa kambirimbiri katundu asanafike. Makolamu osinthidwa anali awiri: `last_location` ndi `updated_at`. Maindekisi analipo asanu, pa `id`, pa `customer_id`, pa `driver_id` ndi ena awiri, koma panalibe ndi imodzi yomwe yokhudza makolamu awiri aja. Zinthu zinkayenda myaa. Tsiku lina abwana anafuna lipoti la katundu amene wasintha mu ola lapitalo. Kwere yake inkachedwa, ndiye ine ndinaika ichi:

```sql
CREATE INDEX CONCURRENTLY idx_deliveries_updated_at
ON deliveries (updated_at);
```

Lipoti linayamba kutuluka nthawi yomweyo, abwana anakondwa. Patapita masiku ochepa, seva yathu ya kope, imene imakopera zonse za seva yaikulu, inayamba kutsalira m'mbuyo madzulo aliwonse, disiki inkadzaza msanga, ndipo maindekisi akale aja, amene sindinawakhudze n'komwe, ndi amene ankakula. Chimenecho n'chomwe chinandizunguza. Ndawonjezera indekisi imodzi, nanga ya `customer_id` ikukuliranji pomwe `customer_id` sasintha?

Chisomo: Eee, inenso ndikudabwa pomwepo. Kolamu sinasinthe, indekisi yake ikhudzidwa bwanji?

Madalitso: A Mphatso abweretsa mtima wa nkhani yonse kwa munthu amene akukafunsidwa za PostgreSQL. Chisomo, gwira ichi poyamba: PostgreSQL sifufuta mzere n'kulembapo zatsopano. Pa `UPDATE` imalemba mzere watsopano wathunthu pamalo ena, wakale n'kuuika chizindikiro kuti watha ntchito. Imatero kuti amene anayamba kuwerenga kusinthako kusanachitike aziona zakale mpaka amalize. Ukhoza kudzionera wekha. Lemba `SELECT ctid, id FROM deliveries WHERE id = 1;`, usinthe mzerewo, ufunsenso. `ctid` ndi adiresi ya mzere, nambala ya peji ndi malo ake pa pejilo, ndipo uona kuti yasintha, mwina kuchoka pa `(0,1)` kupita pa `(0,8)`.

Tsopano indekisi iliyonse imaloza adiresi imeneyo. Mzere ukasamuka, maindekisi onse ayenera kulandira cholowa chatsopano choloza kumene wapita, ngakhale amene makolamu awo sanasinthe. Zikanakhala choncho nthawi zonse bwenzi `UPDATE` iliyonse ili yodula, ndiye kuyambira mu 8.3, ya mu 2008, muli njira yachidule yotchedwa HOT. Ngati kolamu iliyonse imene yasintha ilibe indekisi, komanso ngati pa peji lomwelo pali malo, mzere watsopano umalembedwa pompo ndipo wakale umaloza watsopanoyo. Maindekisi sakhudzidwa ngakhale pang'ono. Amalozabe pakale, ndipo wofufuza akafika pamenepo amangotsatira unyolo. Zili ngati mayi aja ajambula muvi pa peji lomwelo kuti onani m'munsimu, buku la maina osalitsegula.

A Mphatso asanaike indekisi yawo, zosintha zambiri zinkadutsa njira imeneyi, peji limodzi basi. Atangoika indekisi pa `updated_at`, kolamu yosintha ulendo uliwonse, njirayo inatsekeka. `UPDATE` iliyonse inayamba kulemba m'tebulo ndi m'maindekisi onse asanu ndi amodzi. Sanachoke pa asanu kupita pa asanu ndi amodzi ayi. Anachoka pa ziro.

Mphatso: Ndendende. Ndipo chomwe chinandionetsa ndi ichi:

```sql
SELECT n_tup_upd, n_tup_hot_upd
FROM pg_stat_user_tables
WHERE relname = 'deliveries';
```

Manambalawa amangowunjikana kuchokera kale, ndiye kuwaona kamodzi sikukuuza zambiri. Ndinawalemba papepala m'mawa, ndinawaonanso masana. `n_tup_upd` inali itakwera kwambiri, `n_tup_hot_upd` ili pomwe ndinaisiya. Ndinangogwira pakamwa. Kenako ndinayesa pa databesi yoyeserera, kamodzi indekisi ilipo, kamodzi nditaichotsa:

```sql
BEGIN;
EXPLAIN (ANALYZE, WAL)
UPDATE deliveries SET updated_at = now() WHERE id = 1;
ROLLBACK;
```

Pa mzere wa `WAL:` pamaoneka `records`, `fpi` ndi `bytes`, ndipo `fpi` ndi zithunzi za peji lonse zija. Popanda indekisi ija `records` inkakhala pansi penipeni, nayo inkalumpha ndi pafupifupi chiwerengero cha maindekisi. Musaiwale `ROLLBACK`, chifukwa `ANALYZE` imayendetsadi lamulolo. Mbali ya `WAL` imeneyi inayamba mu PostgreSQL 13.

Thokozani: Ndiye munaichotsa basi?

Mphatso: Osati msanga, poti lipoti lija abwana ankalifunabe. Tinapanga tebulo lina laling'ono longowonjezeramo, mzere umodzi pa kusintha kulikonse kofunika, lokhala ndi indekisi imodzi pa nthawi, lipoti n'kumawerenga kumeneko. Pa `deliveries` tinachotsa indekisi ija, ndipo tinatsitsa `fillfactor` kuchoka pa 100 kufika pa 85 kuti mapeji atsopano azitsala ndi malo. Kusintha `fillfactor` sikukonza mapeji akale pokhapokha tebulo litalembedwanso, zimenezo tinazizindikira mochedwa.

Tiyamike: Apa ndiye ndisiyana nanu pang'ono, a Mphatso. Mwachotsa maindekisi asanu ndi amodzi pa `UPDATE`, koma mwawonjezera `INSERT` m'tebulo lina ndi indekisi yake, kuphatikizapo kodi yoti muzisamalira ndi tebulo loti muzilichepetsa likakula. Ine ndikanachotsa makolamu awiri osinthasintha aja n'kuwaika m'tebulo lawolawo lopyapyala, la `delivery_id`, `last_location` ndi `updated_at`. Kumeneko ikani indekisi pa `updated_at` momasuka, maindekisi okhudzidwa ndi awiri okha, ndipo tebulo lalikulu lipuma.

Mphatso: Tinaiganizira njira imeneyo. Vuto linali lakuti pafupifupi sikirini iliyonse ya pulogalamu inkaonetsa `last_location`, ndiye `JOIN` ikanalowa paliponse. Sindikunena kuti yathu inali yoposa. Mpaka pano sindikudziwa kuti ikanatipepukira ndi iti.

Madalitso: Zonse ziwiri zimagwira, ndipo popanda kuyeza pa katundu weniweni ine sindingaweruze. Kwa Chisomo, phindu ndi lakuti akafunsidwa "ungatani", ali ndi njira ziwiri ndi mtengo wa iliyonse.

Chisomo: Achemwali a Tiyamike, inu mumagwira ndi MySQL. Kumeneko nakonso zili chonchi? Ndikuopa kukanena za HOT ngati kuti ndi lamulo la databesi iliyonse.

Tiyamike: Wafunsa bwino mng'ono wanga, si lamulo la onse. Mu InnoDB, injini imene MySQL imasungira matebulo, tebulo lenilenilo ndi mtengo wosanjidwa potsata `PRIMARY KEY`, mapeji ake a makilobaiti 16. Maindekisi enawo sasunga adiresi ya mzere, amasunga kiyi yaikuluyo. Mzere umasinthidwa pamalo pomwepo, zakale n'kusungidwa padera. Choncho pa nkhani ya a Mphatso, InnoDB ikanakhudza tebulo ndi indekisi ya `updated_at` yokha, ya `customer_id` osaigwira. Kampani ya Uber italemba mu 2016 zifukwa zosamukira ku MySQL kuchoka ku PostgreSQL, iyi inali imodzi mwa mfundo zawo zikuluzikulu, ndipo anthu anatsutsana nazo kwa nthawi yaitali.

Koma mtengo ulipo kwina. Kusaka kudzera pa indekisi yachiwiri kumatsika mitengo iwiri, woyamba kuti upeze kiyi, wachiwiri kuti upeze mzere. Komanso kiyi yaikulu imakoperedwa m'indekisi iliyonse. Ukaika UUID ngati `CHAR(36)`, ndi mabaiti 36 pa cholowa chilichonse m'maindekisi onse, pomwe `BIGINT` ndi 8. Ndipo popeza tebulo limatsata kiyiyo, kiyi yamwazimwazi imagawa mapeji a tebulo lenileni, osati a indekisi okha.

Limbani: Mmene mwafotokozeramu, ine ndikuona kuti tebulo lolembedwa kwambiri ndi bwino kungolisiya lopanda indekisi. Kapena ndalakwanso?

Madalitso: Mwapitirira pang'ono, a Limbani, ndipo uwu ndi msampha umene ofunsa amakonda. `UPDATE deliveries SET ... WHERE id = 1` isanalembe kanthu iyenera kupeza kaye mzerewo. Popanda indekisi pa `id`, iwerenga tebulo lonse kuti isinthe mzere umodzi. Pamenepo indekisi ikufulumizitsa kulemba. China ndi ichi: PostgreSQL siika yokha indekisi pa kolamu imene ili ndi `FOREIGN KEY`. Mukafufuta kasitomala mmodzi mu `customers`, iyenera kuona ngati pali mizere yomuloza mu `deliveries`, ndipo `customer_id` ikakhala yopanda indekisi, `DELETE` iliyonse isesa tebulo lonselo. InnoDB payokha imaika indekisi imeneyo, ndiye anthu ochokera ku MySQL amagwa pamenepa kawirikawiri. Komanso `UNIQUE` ndi `PRIMARY KEY` zimayendera indekisi, simungazithawe.

Oyenera kuchotsedwa ndi amene palibe akuwagwiritsa ntchito:

```sql
SELECT indexrelname, idx_scan,
       pg_size_pretty(pg_relation_size(indexrelid))
FROM pg_stat_user_indexes
WHERE relname = 'deliveries';
```

Indekisi yaikulu yokhala ndi `idx_scan` ya 0 ikulipiritsa pa kulemba kulikonse osabweza kanthu.

Mphatso: Koma chenjerani ndi ziro ameneyo. Seva iliyonse imawerenga zake. Indekisi ikhoza kuoneka yogona pa seva yaikulu pomwe malipoti onse akuigwiritsa ntchito pa seva ya kope. Ina imadzuka kamodzi pamwezi, nthawi yotseka mabuku. Muone kaye kuti manambalawo anayamba kuwerengedwa liti.

Chisomo: Ndiyese kuyankha ngati ndili m'chipindamo, mundikonze. Indekisi ndi kope losanjidwa la makolamu ena, lokhala ndi zolozera ku mizere, nthawi zambiri mu `btree`. `INSERT` iliyonse imalemba m'tebulo ndi m'indekisi iliyonse: imatsika mtengo, isintha peji la pansi, ilemba WAL, ndipo peji likadzaza limagawika. Zimadula kwambiri makiyi akakhala amwazimwazi ndipo indekisi yaposa memole. Mu PostgreSQL `UPDATE` imapanga mzere watsopano, ndiye ikakhudza kolamu ya indekisi imodzi yokha, maindekisi onse amalandira cholowa. Koma indekisi imathandizanso `UPDATE` ndi `DELETE` kupeza mizere, choncho ndimayeza ndisanachotse.

Madalitso: Ili bwino. Konza pamodzi: HOT imalephereka pa zifukwa ziwiri, osati chimodzi. Ngakhale usakhudze kolamu ya indekisi, peji likakhala lopanda malo mzere upita kwina ndipo maindekisi onse alembedwa. Nanga akakufunsa za `DELETE`, uti chiyani?

Chisomo: Ndikanati imachotsa cholowa m'indekisi iliyonse nthawi yomweyo. Koma mmene mwafunsiramu ndiye kuti si choncho.

Madalitso: Mu PostgreSQL ayi. `DELETE` imangoika chizindikiro pa mzere m'tebulo, maindekisi osawagwira. Zolowa zakufazo nthawi zambiri zimatsala mpaka `VACUUM`, yotsuka mizere yakufa, idzadutse, ndipo iyo imayenera kuyenda m'indekisi iliyonse. Ngongoleyo imalipidwa mochedwa, ndi `autovacuum`, nthawi imene mwina seva yatanganidwa kale. Mizere yakale yosiyidwa ndi `UPDATE` imatsukidwanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake maindekisi a a Mphatso ankafufuma.

Thokozani: Ine nkhawa yanga ndi ina. Kodi zonsezi sizichuluka pa ntchito ya munthu woyamba kumene? Ukayamba za HOT ndi `fpi` wofunsa akhoza kuganiza kuti waloweza. Ine ndikanayankha ziganizo zitatu zoyambazo n'kukhala chete, akafuna zambiri afunse yekha.

Tiyamike: Ine ndinakhalapo mbali yofunsayo kangapo. Amene ankandikhutiritsa ndi wobweretsa chitsanzo chimodzi n'kuchiyendetsa mpaka kumapeto, ngati cha `updated_at` chija, osadikira kuti ndichite kumukoka. Koma ofunsa amasiyana, ena amafunadi yankho lalifupi kuti apite pa funso lina.

Thokozani: Ndiye pamenepo sitigwirizana, achemwali. Chitsanzo cha eni ake n'choopsa. Akangofunsa kuti seva yanu inali ndi memole yochuluka bwanji, mwana agwidwa.

Mphatso: Asakanene kuti zinamuchitikira. Akhoza kuzipanga zake usiku uno. Chisomo, pa laputopu yako panga tebulo, ulidzaze ndi `generate_series(1, 1000000)`, uike maindekisi anayi pa makolamu osasintha ndi `fillfactor` ya 85 usanalowetse mizere. Uyendetse `EXPLAIN (ANALYZE, WAL)` ija kangapo pa mizere yosiyana, uwonjezere indekisi pa `updated_at`, uyendetsenso. Manambala amene uone ndi ako, ndipo Lachinayi ukanena zimene waona ndi maso.

Chisomo: Ndayamba kale, mizere ikulowa. Funso limodzi lokha: ndikaika indekisi ya `WHERE status = 'open'`, ya mizere yochepa yokha, kodi `status` ikasintha HOT imathekabe?

Madalitso: Ayi, kolamu yotchulidwa mu `WHERE` ya indekisi imawerengedwa ngati ya indekisi, ndiye `status` ikasintha HOT palibe. Phindu lake lili pa kukula, komanso mizere yosakwaniritsa `WHERE` silowamo. Iwonjezere pa zoyesa zakozo, utitumizire `records` ya maulendo onse atatu.